Zolemba za ntchito yoyeza kumvetsa nkhani m'Sitandade 4, teremu yachiwiri, Nkhotakota

Sabata yoyamba

Ntchitoyi tagwirizana ndi aphunzitsi aakulu kuti ichitike m'kalasi langa la Sitandade 4A teremu yonse ino. Funso lomwe tikufuna kuyankha ndi limodzi: pofika kumapeto kwa Marichi, kodi ana akumvetsa nkhani imene awerenga okha kuposa momwe akumvetsera lero? Mayeso a kumapeto kwa teremu satiyankha funsoli, chifukwa nkhani yake imasintha teremu iliyonse, ndipo mwana amatha kukopera chiganizo chonse kuchokera pa bolodi n'kupeza malikesi asanamve kanthu.

M'rejisitala muli ana 96. Sindingathe kumvetsera aliyense akuwerenga payekha, choncho ndatenga mwana wachinayi aliyense potsika ndi mayina, ndipo apezeka 24. Sindinasankhe ndi maso, chifukwa mphunzitsi akasankha yekha dzanja limathamangira kwa ana okhala kutsogolo amene amakweza mkono tsiku lililonse. Mwana aliyense ndamupatsa nambala, ndipo m'hadikava yolembamo zotsatira mukhala manambala okhaokha. Pepala la mayina lili mu ofesi.

Ndalemba nkhani zitatu zazifupi, iliyonse ya mawu 50: ya usipa, ya chinangwa ndi ya njinga. Ya usipa ili motere:

"Dzulo Chikondi anapita kunyanja ndi agogo ake. Anafika kudakali mdima. Asodzi anali atangofika kumene ndi mabwato awo. Agogo anafuna kugula kampango koma ndalama zinali zochepa. Msodzi wina anawagulitsa usipa mbale imodzi. Pobwerera, Chikondi anasenza mbale ija pamutu. Dzuwa litatentha, agogo anathyola tsamba la nthochi n'kuvundikira usipa. Kunyumba amayi anasangalala kwambiri."

Nkhani iliyonse ili ndi mafunso asanu. Atatu oyamba yankho lake lili poyera m'nkhanimo. Lachinayi limafuna kuti mwana alumikize ziganizo ziwiri, monga lakuti n'chifukwa chiyani agogo sanagule kampango. Lachisanu yankho lake silinalembedwe, mwana ayenera kuliganizira: n'chifukwa chiyani agogo anavundikira usipa ndi tsamba? Sindinatenge nkhani za m'buku la ophunzira chifukwa zambiri ana amaziimba pamtima. Akangoona chithunzi cha pamwamba amayamba kulakatula maso ali pawindo.

Ndisanayeze mwana aliyense, mafunsowo ndinakawayesa kaye pa ana asanu ndi mmodzi a Sitandade 4B amene sanaone nkhanizo n'komwe. Ndinangowafunsa kuti aganizire yankho. Funso lachiwiri la nkhani ya usipa linali lakuti Chikondi ndi agogo anafika nthawi yanji kunyanja, ndipo onse anayankha kuti m'mamawa. Mwana wa kuno akudziwa kuti wofuna nsomba yabwino amalawirira kudooko, ndiye funso limenelo silikuyeza kuwerenga. Ndalichotsa, m'malo mwake ndaika lakuti anagula usipa wochuluka bwanji. Lamulo lomwe ndatsatira n'lakuti funso likayankhidwa molondola ndi ana opitirira awiri mwa asanu ndi mmodziwo, lichoke. Funso lachisanu lokha ndalilekerera pang'ono, popeza limadalira kale zomwe mwana akudziwa, koma ndimalifunsa mosatchula dzuwa kuti mwana alitchule yekha kuchokera m'nkhani.

Ana 24 aja ndawagawa magulu atatu a ana asanu ndi atatu. Manambala 1 mpaka 8 ayamba ndi nkhani ya usipa, 9 mpaka 16 ya chinangwa, 17 mpaka 24 ya njinga. Pakati pa teremu ndi kumapeto, mwana aliyense adzawerenga nkhani ziwiri: yomwe anayamba nayo ija, ndi ina yomwe sanaionepo. Nkhani yobwereza idzandionetsa ngati chinthu chomwecho chikumupepukira, ndipo yatsopano idzandionetsa ngati luso lake lakuladi. Kusinthanitsa maguluwo kudzathandiza kugwira nkhani yomwe ndi yovuta kuposa zinzake.

Sabata yachiwiri: kuyeza koyamba

Mwana mmodzi amatenga mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndiye gulu limodzi limakwana pa tsiku. Timakhala pakhonde la ofesi nthawi ya m'mawa, ana enawo akulemba ntchito ndi aphunzitsi a 4B amene avomera kundigwirira kalasi.

Mwana ndimamupatsa nkhani yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala lomwe ndaika m'pulasitiki. Ine ndimakhala ndi langa lomwe kumapeto kwa mzere uliwonse ndinalemba chiwerengero cha mawu kufika pamenepo. Akatchula liwu loyamba ndimayambitsa wotchi ya pafoni. Mphindi imodzi ikakwana ndimalemba nambala ya liwu lomwe wafika, koma sindimamuimitsa. Amapitiriza mpaka amalize kapena mpaka mphindi zitatu zithe. Kenako ndimatenga pepala lija n'kuyamba kufunsa. Amene sanamalize ndimamufunsa mafunso a gawo lokhalo lomwe wafika, otsalawo amakhala kuti sanakhoze.

Zomwe ndikuwerengera ngati cholakwa ndi kudumpha liwu, kutchula liwu lina, ndi kuima pa liwu masekondi atatu, pomwe ndimamuuza kuti apitirire. Akalakwa n'kudzikonza yekha, si cholakwa. Kusinthanitsa l ndi r sindikuwerengera, chifukwa ana amatchula momwe amayankhulira kwawo ndipo tanthauzo silisintha. Mwana akalephera mawu onse a pa mzere woyamba, ndimamuimitsa mwaulemu, monga momwe amachitira pa mayeso oyeza kuwerenga m'makalasi oyambirira otchedwa EGRA, kuti asazunzike. Zikatero nkhaniyo ndimamuwerengera ine kamodzi, momveka, n'kumufunsa mafunso omwewo. Zotsatira za kumvetsera ndimazilemba m'danga lakelake ndi cholembera chofiira, ndipo pa danga la kuwerenga yekha ndimalemba 0.

Kupatula danga lofiiralo, tsamba lililonse la hadikava lili ndi madanga asanu ndi awiri: nambala ya mwana, tsiku, nkhani, mawu olondola pa mphindi, mafunso asanu aja lililonse palokha, zonse pamodzi, ndi ndemanga. Kulemba funso lililonse palokha kumatenga malo, koma ndi pamenepo pamene pamaoneka zinthu. Ana awiri akhoza kupeza 3 onse, wina atakhoza atatu oyamba okha, wina atakhoza loyamba, lachinayi ndi lachisanu. Amenewo si ana ofanana. Woyambayo amagwira zolembedwa koma salumikiza, wachiwiriyo amaganiza bwino koma zina zimamudutsa powerenga.

Zomwe zapezeka: ana asanu sanathe mzere woyamba. Mwa ana 19 owerenga, ndikawandandalika kuyambira wochedwa mpaka wofulumira, wapakati akuwerenga mawu 21 pa mphindi. Ndikugwiritsa ntchito wapakati osati avereji, chifukwa pali mnyamata mmodzi wothamanga kwambiri amene angakoke avereji ya onse. Amene akhoza mafunso anayi kapena asanu ndi ana anayi okha. Mafunso anayi mwa asanu ndiwo malire omwe ndatenga kuti mwana wamvetsa nkhani.

Mnyamata wothamangayo ndi nambala 15. Nkhani ya chinangwa anaimaliza m'masekondi 55, atalakwa mawu awiri okha. Kwa womaliza mphindi isanakwane timawerengera chonchi: mawu olondola 48 kuchulukitsa ndi 60, kugawa ndi masekondi 55, zomwe zikupereka mawu 52 pa mphindi. M'kalasi ndi iyeyu amene timamuitana pakabwera alendo. Nkhaniyo ndi ya mayi amene anaviika chinangwa, n'kuyanika pathandala, mbuzi ya aneba n'kubwera kudzadya. Nditatenga pepala n'kumufunsa chomwe chinadya chinangwa, anayang'ana dzanja langa momwe munali pepalamo, n'kunena kuti, "Amadamu, tandibwerekani ndionenso." Anakhoza mafunso awiri okha. Sanapume pa mpumiro ngakhale umodzi, mawu ake anangoyenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Nambala 7 ndi mtsikana wachete. Amawerenga phatikizo limodzilimodzi, chala chili pansi pa liwu: a-na-wa-gu-li-tsa, kenako n'kulibwereza lonse monong'ona kuti alimve. Pa mphindi anafika mawu 14, ndipo nkhani anaimaliza mphindi zitatu zili pafupi kutha. Anakhoza loyamba, lachinayi ndi lachisanu. Pa la tsamba la nthochi anayankha kuti, "Kuti usipa usaole ndi dzuwa." Awiri omwe anaphonya ndi a tinthu ting'onoting'ono ta pakati, tomwe anaiwala ali kalikiliki kulimbana ndi mawu aatali. Chichewa chathu chili ndi mawu otalika, liwu limodzi maphatikizo asanu ndi limodzi, ndiye mwana wochedwa amafika kumapeto kwa chiganizo chiyambi chake chitamuthawa.

Sabata yachitatu

Ndakhala pansi ndi danga lofiira lija. Mwa ana asanu osawerenga, anayi anakhoza mafunso anayi kapena asanu nditawawerengera. Nambala 20 anakhoza onse, n'kuwonjezera kuti mwini njinga akanayenda ndi pampu. Ana amenewa mutu uli bwinobwino. Chomwe chikuwasowa ndi malembo ndi maphatikizo. Kuwaphunzitsa njira zomvetsera nkhani n'kutaya nthawi yawo. Ayamba kukhala ndi aphunzitsi a Sitandade 2 mphindi makumi awiri akaweruka, pogwiritsa ntchito mabuku a Sitandade 1 ndi 2 a ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga ija inayamba mu 2016.

Wachisanuyo, nambala 3, anakhoza funso limodzi lokha ngakhale nditamuwerengera. Zikatere pali zinthu zitatu zoti uone: makutu, mantha, kapena chiyankhulo. Ndinamuitana chapansipansi ali chondifulatira ndipo anatembenuka, choncho makutu akumva. Agogo ake atabwera anandiuza kuti mwanayo wangobwera kumene mu Disembala kuchokera cha ku Nkhata Bay, ndipo kunyumba amayankhula Chitonga chokhachokha. Aphunzitsi a Sitandade 6, amene kwawo ndi ku Dwambazi, anamufotokozera nkhani yomweyo m'Chitonga, ndipo anakhoza anayi. Zimenezi ndazilemba m'ndemanga osati m'madanga a malikesi, popeza si muyeso womwewo. Kuno ku Nkhotakota, komwe m'kalasi limodzi mumakhala ana a Chichewa, Chitonga ndi Chiyao, 0 wa m'hadikava amatha kubisa nkhani zosiyana kwambiri.

Sabata yachinayi ndi yachisanu

Palibe kuyeza. Kalasi lonse likuchita zinthu ziwiri tsiku lililonse, mphindi khumi ndi zisanu. Choyamba, awiriawiri amawerengerana kankhani kakafupi katatu, wina akumvetsera. Chachiwiri, akawerenga ziganizo ziwiri amatembenuza pepala n'kuuza mnzake m'mawu akeake zomwe zachitika. Tinkhani ta ntchito imeneyi n'tosiyana ndi zitatu zoyezera zija. Zitatuzo zili m'envelopu mu kabati ya aphunzitsi aakulu, ndipo sizituluka kufikira tsiku loyeza. Aphunzitsi a 4B anandipempha ya usipa kuti akaphunzitsire, ndinawakaniza n'kuwalembera ina, chifukwa ana a makalasi awiriwa amayendera limodzi popita kwawo.

Mvula yalimba. Kamtsinje ka kumadzulo kwa sukulu kakadzaza, ana a tsidya lija sabwera. Ena ali kudambo kuwokera mpunga ndi makolo awo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: kuyeza kwa pakati

Abwera ana 20 mwa 24. Ndinadikira mpaka Lachisanu, anayiwo osaoneka. Awiri akudwala malungo.

Aliyense wayamba ndi nkhani yatsopano, kenako yakale. Ndondomeko imeneyi ndi yadala: akayamba ndi yomwe akuidziwa, amalowa yatsopano atatenthetsa kale pakamwa ndipo mantha atachoka, zomwe sizinalipo pa kuyeza koyamba.

Pa nkhani yobwereza zotsatira zakwera kwambiri, moti munthu ukangoona danga limenelo ukhoza kuthamangira ku ofesi kukanena kuti ntchito yatheka. Ana asanu ndi anayi afika pa mafunso anayi kapena asanu. Koma pa nkhani yatsopano afika asanu okha. Kusiyana kumeneku ndiye phata la ntchito yonseyi. Patha mwezi wathunthu chiwerengereni nkhani yoyambayo, ndipo sindinawauze mayankho, komabe akukumbukira mafunso. Nambala 15 powerenga ya chinangwa kachiwiri, atafika pa liwu lakuti mbuzi anakweza maso n'kumwetulira, chifukwa anadziwa kuti pamenepa ndi pamene ndidzafunse. Anakhoza onse asanu. Pa nkhani yatsopano ya njinga anakhoza awiri, chimodzimodzi poyamba paja. Chomwe waphunzira ndi mafunso anga, osati kumvetsa nkhani.

Sindikunena kuti nkhani yobwereza ilibe ntchito. Imaonetsa zinthu ziwiri zomwe yatsopano singaonetse bwino. Choyamba ndi mawu enieni omwe mwana wagonjetsa: nambala 7 ulendo woyamba anaima pa mawu akuti anawagulitsa, atangofika ndi n'kuvundikira, ulendo uno waima pa n'kuvundikira pokha. Chachiwiri, mwana amene sakwera ngakhale pa nkhani yomwe anaionapo kale ndiye wofunika kumuthamangira msanga. Alipo awiri otere, nambala 12 ndi nambala 22, ndipo onse ndi ojomba kawirikawiri. Koma pofuna kunena kuti kumvetsa kwakula, danga loyang'ana ndi la nkhani yatsopano.

Pali msampha wina womwe ndauona powerengera. Mwa anayi omwe sanabwere, atatu ndi amene anapeza 0 kapena 1 poyamba. Ndikangoyerekeza avereji ya ana 24 a sabata yachiwiri ndi ya ana 20 a sabata ino, ioneka ngati yakwera, pomwe chachitika n'chakuti ofooka sanayezedwe. Ana ojomba nthawi ya mvula nthawi zambiri ndi omwewo otsalira m'kalasi. Choncho poyerekeza ndikutenga okhawo amene alipo maulendo onse, ndipo osowawo ndikuwalemba kuti sanabwere, osati 0.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Nkhani ya njinga ndi yovuta kuposa zinzake. Pa kuyeza koyamba gulu lachitatu, lomwe linayamba nayo, linatsalira, koma pamenepo sindikanatha kudziwa ngati vuto ndi nkhani kapena anawo. Tsopano gulu lachiwiri laiwerenga ndipo nalonso latsika, pomwe gulu lachitatu litapatsidwa ya usipa lakwera. Magulu awiri osiyana akhumudwa pa nkhani imodzi, ndiye vuto lili m'nkhanimo.

Nditayang'ana funso ndi funso, pafupifupi onse akugwa pa lachinayi. M'nkhaniyo muli amuna awiri, wakabaza ndi wokonza njinga, ndipo chiganizo china chimati "iye anakana ndalamazo" osatchula kuti ndani. Mwana ayenera kubwerera m'mbuyo ziganizo ziwiri kuti adziwe wokanayo. Nkhani zina ziwirizo zilibe malo otere. Mulinso mawu akuti sipoko ndi anaphwetsa, omwe atsikana ambiri anaima nawo. Kufanana kwa chiwerengero cha mawu sikutanthauza kuti nkhani n'zofanana kulemera. Zomwe zimalemeretsa nkhani ndi kuchuluka kwa anthu otchulidwamo, kutalika kwa mawu, ndi mtunda womwe uli pakati pa yankho ndi chiganizo cholifotokoza.

Aphunzitsi aakulu anandifunsa kuti, "Nanga bwanji osangoikonza, Amadamu, poti vuto mwalipeza?" Ndinawayankha kuti ndikaikonza pano, gulu loyamba lidzawerenga nkhani ina yosiyana ndi yomwe anzawo anawerenga, ndipo sitidzathanso kuyerekeza. Wogula mpunga sasintha ndowa yoyezera pakati pa msika. Ikhala momwemo mpaka teremu ithe, ndipo powerenga zotsatira tizikumbukira kuti amene wakhoza atatu pa ya njinga sali kutali ndi amene wakhoza anayi pa zinazo.

Sabata yachisanu ndi chitatu mpaka yakhumi

Vuto la "iye" lija landionetsa choti ndiphunzitse. Pa bolodi ndikulemba ziganizo ziwiri kapena zitatu zokhala ndi anthu awiri, n'kufunsa kuti a- wa mu anakana akuimira yani, nanga -mu- wa mu anamupatsa ndi ndani. Ana ambiri amatchula munthu amene watchulidwa pomalizira, kaya zikugwirizana kaya ayi. Tikumajambula muvi kuchokera pa liwulo kubwerera kwa mwini wake. Ziganizozi zilibe njinga, kabaza kapena ndalama, kuti ndisakhale ndikuphunzitsa mayeso.

Nambala 15 ndamuika ndi mnzake amene amamuimitsa pa mpumiro uliwonse n'kumufunsa kuti, "Ndiye chachitika n'chiyani?" Masiku oyamba zinamukwiyitsa, chifukwa kuyambira Sitandade 2 wakhala akuyamikiridwa chifukwa cha liwiro. Sabata yachisanu ndi chinayi ndinamumva akuima yekha pakati pa nkhani n'kunena kuti, "Dikira kaye, apapa sindinamve." Ndazilemba m'ndemanga ndi tsiku lake.

Alangizi a maphunziro a m'zoni yathu anabwera, anaona hadikava ija, n'kufunsa ngati munthu wina angapeze malikesi omwewo atayeza iyeyo. Funso labwino. Tinayesa ndi aphunzitsi a 4B: tinakhala tonse awiri pamene ana anayi a m'kalasi lawo amawerenga kankhani kena, aliyense akulemba payekha. Pa mawu olondola tinasiyana ndi liwu limodzi kapena awiri basi. Pa funso loganizira tinasiyana pa ana awiri, chifukwa iwo amavomera yankho lililonse lomveka, ine ndimafuna logwirizana ndi nkhani. Ndiye ndalemba kuseri kwa hadikava mayankho ovomerezeka a funso lachisanu la nkhani iliyonse. Pa ya usipa, kuopa dzuwa, kutentha kapena kuola n'kolondola. Kuopa akuba kapena mvula n'kolakwa. Ntchentche ndazikana ngakhale zili zoona m'moyo, chifukwa nkhani yatchula dzuwa. Ndabwerera m'masamba a maulendo awiri apitawo, ndipo popeza mayankho a funso lachisanu ndimawalemba momwe mwana wanenera, ndatha kuwaonanso onse ndi muyeso umodzi.

Sabata yakhumi ndi chimodzi: kuyeza komaliza

Abwera 22. Anayi aja abwerera, koma ena awiri asowa, choncho amene ayezedwa maulendo onse atatu ndi 18. Ziwerengero zotsatirazi ndi za ana 18 amenewa okha.

Pa nkhani yatsopano, ofika mafunso anayi kapena asanu anali atatu poyamba, asanu pakati, ndipo tsopano ndi asanu ndi awiri. Pa nkhani yobwereza, yomwe tsopano aiwerenga kachitatu, afika 12. Tikanakhala ndi nkhani imodzi yokha yomangoibwereza, tikanalemba kuti ana awiri mwa atatu alionse akumvetsa zomwe awerenga. Chiwerengero chomwe ndikuchikhulupirira ndi cha asanu ndi awiri chija. Wapakati pa liwiro, pa nkhani yatsopano, wachoka pa mawu 21 kufika 28.

Nambala 7 wawerenga ya njinga, yovuta ija, mawu 25 pa mphindi, n'kukhoza anayi, kuphatikizapo la wokana ndalama. Chala chidakali pansi pa mawu koma kunong'ona kobwereza kwatha, kupatula pa mawu aatali kwambiri. Kwa iyeyu liwiro litakwera, kumvetsa kunatsatira.

Nambala 15 wayenda njira yosiyana. Pa ya usipa watsika kufika mawu 46 pa mphindi, ndipo wakhoza anayi. Munthu woyang'ana danga la liwiro lokha anganene kuti mwanayu wabwerera m'mbuyo. Ndayerekeza ndi ya chinangwa yomwe anayamba nayo, osati ya njinga, popeza ya usipa ndi ya chinangwa zaoneka zolemera mofanana. Kuchoka pa awiri kufika pa anayi, pamodzi ndi zomwe ndinamumva akunena sabata yachisanu ndi chinayi, kukundikhutiritsa.

Kusuntha kwa funso limodzi lokha sindikukuwerengera ngati kusintha. Mafunso ndi asanu, ndiye limodzi likhoza kupita chifukwa mwana wabwera osadya, kapena galimoto yadutsa pamsewu nthawi yomwe ndimafunsa. Ana asanu ndi mmodzi asuntha ndi funso limodzi, ena kukwera ena kutsika, ndipo onsewo ndawalemba kuti ali pomwe anali. Ndikuti mwana wakwera pokhapokha atasuntha ndi mafunso awiri pa nkhani yatsopano, kapena atakwera limodzi pakati n'kukhala pomwepo kapena kupitirira kumapeto. Sindinganenenso kuti kukwera konseku kwabwera ndi mphindi khumi ndi zisanu zija, chifukwa ana amakula ndi kuphunzira zina m'miyezi itatu, ndipo kalasi lina loti tiyerekeze nalo sitinaliyeze.

Mwa asanu osawerenga aja, awiri adutsa mzere woyamba. Nambala 20 wafika mawu 9 pa mphindi ndipo wakhoza funso loyamba powerenga yekha. Nambala 3 sanayambe kuwerenga, koma pomvetsera m'Chichewa wachoka pa limodzi kufika atatu. Nambala 12 ndi 22 sanasunthe pa nkhani iliyonse, ndipo rejisitala ikuonetsa kuti aliyense wajomba pafupifupi theka la masiku a Febuluwale.

Sabata yakhumi ndi chiwiri

Ndapereka kwa aphunzitsi aakulu tsamba limodzi lokhala ndi madanga awiri oyandikana, la nkhani yatsopano ndi la yobwereza, komanso manambala a ana ogawidwa malinga ndi chomwe aliyense akusowa: malembo, liwiro, kuima n'kuganiza, kapena Chichewa chenichenicho. Makolo a nambala 12 ndi 22 aitanidwa kudzera kwa amayi a gulu loona za ana pasukulu pano, kuti tikambirane sukulu isanatsekere.

Nkhani zitatuzi zatha ntchito kwa ana amenewa, popeza ambiri aziona zonse. Pa tchuthi ndilemba zina zinayi, iliyonse ya anthu awiri ndi malo amodzi ofuna kubwerera m'mbuyo, kuti zilemere mofanana ndi ya njinga. Mawu ndiwonjezera kufika 60 ndi mafunso kufika asanu ndi limodzi, chifukwa ana atatu akumaliza mphindi isanakwane. Aphunzitsi a 4B avomera kuti teremu yachitatu tidzatengenso ana 24 a m'kalasi lawo, ndipo mafunso atsopanowo tidzakawayesa pa ana a Sitandade 5 sabata yotsegulira.